Za mayunitsi a amayi aja

Achemwali, mwaswera bwanji kumeneko? Ndikujambula uthengawu ndili pa basi kuchokera ku ntchito, mukamva phokoso musadabwe. Nkhani ndi ya mayunitsi a amayi ija. Choyamba, mwana uja tinkamuganizira kuti akuba mayunitsiwo timusiye, sanabe chilichonse. Ine ndinamukalipira mpaka analira, lero manyazi andigwira.

Mukukumbuka amayi atangofika kuno ku Joni ndinawagulira simu ya kuno, ndipo Lachisanu lililonse ndimawaikira marandi 50 kuti azikuimbirani. Koma pofika Lachitatu amangoti foni yauma, chonsecho sanaimbe n'kamodzi komwe. Ndiye Lolemba usiku ndinatenga foni ija, ndinazimitsa data, ndinalemba papepala ndalama imene inatsala, n'kuitsekera mu dirowa. Kutacha yachepa ndi marandi 8. Usiku wotsatira chimodzimodzi, 8 yeniyeni. Apo ndi pamene ndinadziwira. Intaneti ikamadya mayunitsi imadya mosalongosoka, lero pang'ono mawa zambiri, koma ndalama yofanana tsiku lililonse foni ili chigonere, ameneyo ndi munthu akudula mwapangano.

Nditafufuza mameseji akale ndinapeza awiri a Chingerezi, amayi sanawatsegule n'komwe. Wina ukuwalandira ku zamasewera a pafoni, marandi 5 patsiku, wina ku zamavidiyo, marandi 3 patsiku. Amayi athu omwewa, masewera! Ndikuganiza kuti pomwe ankaonera nyimbo za kwaya panatulukira kachithunzi kotsatsa malonda, iwo pofuna kukachotsa n'kudina pamene sipoyenera. Makampani ang'onoang'ono ogulitsa zimenezi kuno amawatcha WASP, ndipo ndalama yawo amawatolerera ndi a netiweki kuchokera pa mayunitsi. Werengani nokha, marandi 8 masiku 7 ndi 56, ine ndimaika 50. Miyezi iwiri imeneyi yapita ndalama yoposa marandi 400.

Kufufuta meseji sikuletsa kanthu, kuzimitsa foni ngakhale kuchotsa simu ayinso, chifukwa panganolo lili pa nambala, silili m'foni. Mayunitsi akatha amangodikira, mukaika ena abwereranso.

Ine ndinaimbira a netiweki pa simu yomweyo, amayi ali pambali panga, paja amafuna kumva mwini nambala. Ndinawauza andiwerengere zonse zimene nambalayi inalembetsedwa, dzina lake, mtengo wake ndi tsiku limene zinayamba, kenako azichotse zonse. Mtsikana amene anandiyankha uja anati zatheka, akufuna kudula foni, ine ndinati dikirani kaye mayi, mutsekenso nambalayi kuti isamalembetsedwenso zinthu zoterezi. Apa ndiye pofunika, chifukwa kuchotsa ndi kutseka ndi zinthu ziwiri, ndipo kutsekako ukapanda kupempha akhoza osakuchitira. Mukangochotsa osatseka, chala chomwechija chidzadinanso sabata yamawa. Ndinatenganso nambala ya dandaulo n'kuilemba pa pepala lomwe lija. Patapita kanthawi mameseji awiri analowa otsimikizira kuti zaletsedwa, koma sindinakhulupirire, ndinabwereza kugoneka foni mu dirowa. Kutacha ndalama ili momwemo.

Zobweza ndalama ndiye zikadali m'njira, musayembekezere kwambiri. Kuno kuli bungwe la WASPA loyang'anira makampani amenewa, ndipo malamulo ake amati munthu azitsimikizira yekha asanayambe kudulidwa, komanso azikumbutsidwa ndi meseji kuti akulipira. Ndakadandaula pa tsamba lawo, ndapempha kuti kampaniyo ionetse umboni woti amayi anavomera. Vuto n'loti ngati anadinadi kawiri, ngakhale mosadziwa, iwo adzati umboni ndi umenewo.

Tsopano mbali yanu. Amayi akubwerera mwezi wamawa, ndipo simu yawo yakumudzi ija inkathanso mayunitsi modabwitsa, tinkangoti amacheza kwambiri ndi azakhali. Akafika muchite zomwezi: data yozimitsa, kulemba ndalama usiku, kuona m'mawa, masiku awiri. Ikachepa mofanana, pitani nawo ku shopu ya netiweki ndi chiphaso chawo cha unzika, akachotse zonse, ndi nyimbo zija zimene woimba amamva podikira zomwe, pajatu nazo n'zolipira. Akakuzunguzani, madandaulo kumeneko amapita ku MACRA. Ndipo musamawaikire mayunitsi n'kuwasiya choncho, muziwagulira bando ya mphindi nthawi yomweyo, odulawa akabwera apeze m'nkhokwe mulibe.

China, wina akaimba kuti akubwezerani ndalama koma mutchule nambala yachinsinsi kapena manambala amene alowa pa meseji, amayi azingodula. Ndawauza kale, koma mukawakumbutsenso inu, amakumverani kuposa ine.

Ndafika potsikira. Mwana uja ndamugulira tchipisi chopepesera, koma akundiyang'anabe cham'mbali. Mupereke moni kwa alamu.