Kulemba amene abwera m'kalasi ya anthu 240 osataya nthawi

Chabwino, tiyambepo, amene muli kumbuyoko mukundimva eti?

Tiwerengere limodzi kaye. Kalasi ili ndi ophunzira 240, ngati zimene timaziona m'makoleji a muno mu Blantyre makamaka chaka choyamba. Mukati muitane mayina, dzina lililonse masekondi 5, ndiye kuti mphindi 20 zapita pa ola limodzi lija, komanso amene akuyankha kuti ndilipo kumbuyoko simukumuona nkhope. Ena mumayendetsa pepala limodzi, koma munthu aliyense kulemba ndi kusaina ndi masekondi 10, anthu 240 ndi mphindi 40, ndipo pepalalo likafika pakona pa anyamata aja limagona pomwepo akusainira anzawo amene ali ku Ndirande kapena akadali mu minibasi ku Limbe.

Ine chimene ndimachita, mzere uliwonse wa mipando umakhala ndi pepala lakelake. Holo ya mizere 20, mipando 12 pa mzere, ndimapulinta mapepala 20, pamwamba deti ndi nambala ya mzere, pansi mipata 12 basi, yolembamo nambala ya rejisitireshoni, dzina ndi siginecha. Onse amalemba nthawi imodzi ndiye mphindi 2 kapena 3 zatheka, inu mukuphunzitsabe. Musagawe mutangolowa, dikirani papite mphindi 15 kuti ochedwa akhale pansi, komanso musamagawe nthawi yofanana tsiku lililonse, akazolowera amasaina n'kutuluka.

Tsopano apa ndi pamene pagona nkhani. Pepala likafika kumapeto kwa mzere, mtsogoleri wa kalasi ndi mnzake mmodzi amawerenga mitu ya mzere umenewo, kulemba nambalayo pakona, kenako kukhwatcha mipata yotsala kuti wina asadzaonjezere. Tinene mzere 7 uli ndi mitu 9 koma mayina 11. Palibe chifukwa choimitsira kalasi yonse, pomaliza mumangoti mzere 7 mutsale, n'kuitana mayina 11 okhawo, awiri osowawo adziwika pompo. Kawirikawiri mupezanso kuti cholembera ndi chimodzi, kalembedwe kofanana, mayina ondondozana.

Mayi apo mwafunsa za QR code ndi Google Forms. Zimafulumira ndithu, koma linki imatumizidwa pa WhatsApp kwa amene ali kuhositelo, ndiye pali uja alibe bando, uja foni yazima chifukwa magetsi kunalibe. Mukazigwiritsa ntchito muwerengebe mitu.

Chovuta cha njira yangayi ndi kulowetsa mu kompyuta, ntchito imeneyo ndi ya kuofesi. Mu Excel, mndandanda wa manambala a rejisitireshoni a kalasi yonse ukhale mu kolamu A kuyambira A2, manambala a amene asaina muwataipe mu B, ndiye mu C2 mulembe izi n'kukokera pansi:

```
=COUNTIF(B:B,A2)
```

Pakatuluka 0 sanabwere, 1 anabwera, 2 ndiye kuti dzina lake lili pa mizere iwiri, wina wamusainira kapena inu mwataipa kawiri, onaninso mapepala aja. Muwasunge mu fayilo mpaka mayeso atadutsa chifukwa odandaula amabwera nthawi imeneyo.