Foni yolemba Chipwitikizi: kusintha chilankhulo ndi kuletsa kukonza mawu

Moni nonse amene mukumvetsera. Uthengawu ndikuyankha mayi amene anafunsa za foni yakaunjika imene mlamu wawo anawagulira ku Tete, yomwe ikulemba Chipwitikizi chokhachokha ndiponso ikumawasinthira mawu akamalemba uthenga. Ndisanapitirire, gwirani mfundo iyi: chilankhulo cha foni ndi chilankhulo cha kiyibodi ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kusintha chimodzi sikuthetsa vuto la chinzake.

Tiyambe ndi foni yeniyeniyo. Musavutike kuwerenga, yang'anani kachizindikiro kooneka ngati giya wa njinga, kamene pansi pake palembedwa Definições kapena Configurações, malinga ndi Chipwitikizi chimene chinaikidwamo, cha ku Portugal kapena cha ku Brazil. Mukalowa, tsikani mpaka cha kumunsi ndipo mudine Sistema. Pepani, ndibwerere pang'ono, chifukwa ngati foniyo ndi Samsung simupeza Sistema, mupeza Gestão geral kapena Gerenciamento geral. Kaya mwalowera khomo liti, mawu amene mukusaka ndi amodzi, Idioma kapena Idiomas, kutanthauza chilankhulo, ndipo ameneyo ndiye woti mudine.

Apa ndiye pamene ine ndinataya madzulo athunthu, choncho ndilankhula pang'onopang'ono. Muona mndandanda wokhala ndi Português pa nambala 1, ndipo pansi pake pali chizindikiro chophatikiza ndi mawu akuti Adicionar idioma. Mukadina pamenepo, zilankhulo zimatuluka chilichonse cholembedwa m'dzina lake, moti Chingerezi muchiona kuti English, osafunika womasulira. Ine ndinasankha English, ndinasankhanso United Kingdom, ndinatuluka, koma foni inali ikulembabe Chipwitikizi. Ndinabwereza katatu, ndinaizimitsa ndi kuiyatsanso, mpaka ndinayamba kuganiza kuti anandigulitsa foni yowonongeka. Vuto linali lakuti Chingerezicho chinakhala pa nambala 2, pamene foni imamvera chilankhulo chimene chili pamwamba. Ndibwerezenso, kuwonjezera chilankhulo sikokwanira. Ikani chala pa timizere tili kumanja kwa English, musachotse chalacho, ndipo mukokere m'mwamba mpaka English afike pa nambala 1. Pa Samsung foni imakufunsani yokha ngati chatsopanocho chikhale chachikulu, ndipo mukayankha molakwa, bwererani pa mndandanda womwewo mukachikweze ndi timivi tili m'mbali. Mudziwa kuti zatheka chifukwa mawu onse amasintha nthawi yomweyo, osadikira kuzimitsa foni.

Mphwanga wina ndinamufotokozera zimenezi koma anati ndikuchedwetsa. Iye anangodina mawu akuti Repor poganiza kuti akutanthauza lipoti, chikhalirecho amatanthauza kubwezera foni mmene inalili, ndipo zithunzi zonse za chinkhoswe chake zinafufutika. Mukaona Repor kapena Redefinir, chalacho chibwezeni.

Tsopano kiyibodi. Poti foni yayamba kulemba Chingerezi, mwina mukuganiza kuti mwamaliza, koma ayi, kusintha mawu kuja kukadalipo, kungoti tsopano ikukokerani ku Chingerezi. Ine ndinalemba kuti bambo, iyo n'kutumiza bamboo, ndiye kuti nsungwi, ndipo uthengawo unali wopita kwa apongozi anga. Njira yaifupi ndi iyi: tsegulani uthenga uliwonse kuti kiyibodi ituluke, kenako mudine kagiya kali pamzere wa pamwamba pake. Ngati simukukaona ndipo kiyibodi yanu ndi Gboard, ya Google ija, dinikizani koma, kachizindikiro kopumira kaja, kwa kanthawi ndipo kagiyako katuluka. Lowani pa Text correction ndipo muzimitse Auto-correction. Amene simunasinthebe chilankhulo, mawu omwewo ndi Correção de texto ndi Correção automática. A Samsung, dzina lake ndi lina, ndi Auto replace, ndipo mulipeza mu Samsung Keyboard settings.

Wina afunsa kuti nanga mawu amene amaoneka pamwamba pa kiyibodi bwanji sakuchoka. Amenewo ndi ongokuuzani maganizo, salowa mu uthenga pokhapokha mutawadina, choncho mukhoza kuwasiya. Mizere yofiira pansi pa mawu a Chichewa nayonso ndi nkhani ina, imachokera ku Spell check, ndipo siisintha kalikonse pa zimene mwalemba.

Ndinatsala pang'ono kuiwala chilankhulo cha kiyibodiyo. Pomwepo pa kagiya pali Languages, ndipo mukadina Add keyboard pa Gboard, sakani dzina lakuti Nyanja kapena Chichewa. Chipwitikizi mungathe kuchichotsa, koma ngati mumalemberana ndi abale a ku Angónia, chisiyeni, popeza mukadinikiza batani lalitali lolekanitsa mawu kwa kanthawi mumasankha kiyibodi imene mukufuna. Mukatero lembani kuti bambo, mulekanitse, ndipo muone ngati mawuwo akhala mmene mwawalembera.