Wowunika akuti gawo lokambirana zotsatira latalika: mudule pati?

Tiyerekeze kuti munafufuza za masikito ndi malungo mwa ana osapitirira zaka zisanu pofunsa makolo awo kamodzi kokha, ndipo pepala lanu labwerera kuchokera ku magazini ya zaumoyo. Gawo lokambirana zotsatira lili ndi mawu 1,400, wowunika akufuna 900. Ambiri amayamba kuchotsa liwu limodzi apa, awiri apo. Mawu 500 sangachoke choncho. Pafunika kuchotsa ndime zathunthu.

Tsegulani pepalalo mu Word, muyatse Track Changes, kenaka pambali pa ndime iliyonse mulembe ntchito yake. Malangizo a STROBE, amene ochita kafukufuku wamtunduwu amatsata, amafuna zinthu zinayi m'gawo limeneli: zotsatira zikuluzikulu, zofooka za kafukufukuyo, tanthauzo la zomwe mwapeza, komanso ngati zingagwirenso ntchito kwa anthu ena. Ndime yosagwira imodzi mwa ntchito zimenezi ndiyo yoyamba kupita.

Yang'anani ndime yoyamba. Kawirikawiri imabwereza manambala onse amene ali kale m'tebulo. Siyani ziganizo ziwiri zonena chomwe mwapeza, basi. Tinene kuti apo mwapulumutsa mawu 150. Ndime yofotokoza kuopsa kwa malungo mu Africa malo ake ndi m'mawu oyamba, ndipo mwina ilimo kale. Ichotseni, ena 120 apita.

Mawu ochuluka amabisala poyerekeza ndi kafukufuku wa anzanu. Tinene kuti mwatchula ntchito za anzanu zisanu ndi imodzi, iliyonse ndi ziganizo zake zitatu. Zinayi zogwirizana ndi zanu zilowe m'chiganizo chimodzi. Ziwiri zotsutsana nanuzo zipatseni mpata, mufotokoze chomwe chingabweretse kusiyanako, kaya ndi nyengo ya mvula kaya msinkhu wa ana. Wowerenga amaphunzira zambiri pamenepo. Mawu 230 otsala aja atuluka apa.

Ndime ya zofooka, chonde, musaikhudze kwambiri. Ngati munadalira mayankho a makolo osakaona nokha kuti mwana amagonadi m'masikito, zimenezo zikhalemo. Samalaninso ndi timawu monga "mwina". Chiganizo choti "ana ogona m'masikito anapezeka ndi malungo mocheperako" chikafupikitsidwa n'kukhala "masikito anachepetsa malungo", mwanena chinthu chimene kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha sangatsimikize. Wowunika yemweyo adzakubwezerani pepalalo, ndipo adzakhala akulondola.

Mukatha kudula, onani manambala a maumboni. Ndime ikachoka, ntchito zomwe zinatchulidwa m'menemo mokha zimatsala pamndandanda popanda pozitchula. Ngati mumagwiritsa ntchito pulogalamu yosungira maumboni ya Zotero, vomerezani kaye zomwe mwasintha mu Track Changes, kenaka dinani Refresh. M'kalata yopita kwa mkonzi lembani kuti gawolo lachoka pa mawu 1,400 kufika pa 900, mutchule ndime zomwe zachotsedwa. Ngati wowunika wachiwiri anapempha kuti muwonjezere mfundo m'gawo lomweli, muuzeni mkonziyo momveka bwino, chifukwa ndi iye amene amagamula zofuna za owunika zikasemphana.