Thumba limodzi, ng'ombe 100: momwe inshuwalansi imagwirira ntchito

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Funso limene mwandipatsa ndi lakuti, munthu akalipira inshuwalansi chaka n'kutha osaona vuto, ndalama zake zimapita kuti? Ndiyankha ndi ng'ombe zamkaka, poti ambiri muno muli nazo. Mitengo ndikutchulayi ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino.

Tinene kuti alimi alipo 100, aliyense ali ndi ng'ombe imodzi ya K800,000. Atayang'ana zaka zam'mbuyo, aona kuti pachaka pamafa ng'ombe zitatu. Palibe akudziwa kuti chaka chino ifa ya ndani, koma chiwerengerocho akuchidziwa. Ng'ombe zitatu ndi K2,400,000. Tikagawira anthu 100, aliyense asonkha K24,000. Tionjezepo K6,000 yolipirira alangizi a ziweto, wolemba mabuku, ndi yosungira chaka choipa, ikhale K30,000. M'thumba mwalowa K3,000,000.

Ng'ombe zitatu zija zikafa, eni ake alandira K800,000 aliyense, agulanso zina. Nanga 97 otsalawo? Ndalama zawo sizibwerera, chifukwa ndi zomwe zagulira anzawo atatu ng'ombe. Apa ndi pamene ambiri amakhumudwa, poti amaganiza za banki m'khonde kapena chipereganyu, kumene aliyense amadikira tsiku lake lolandira. Kuno ayi. Chimene mwagula ndi K30,000 ija ndi lonjezo lakuti tsoka likagwera khola lanu m'miyezi 12 imeneyi, simusenza nokha. Chaka chikatha, lonjezo latha, mulipiranso.

Mwina wina akuti, bwanji tisangochita tokha anthu khumi odziwana? Werengani. Anthu khumi asonkha K300,000. Mwina padutsa zaka zitatu osafa ng'ombe, komanso ikhoza kufa mwezi woyamba. Ikatero thumba lonse silikwana ngakhale theka la mtengo wake. Gulu likakhala laling'ono, chaka china simufa kanthu, chaka china mufa ziwiri, ndipo simungadziwiretu. Likakula kufika mazana kapena zikwi, imfa za chaka chino zimayandikana ndi za chaka chatha, ndiye msonkho umawerengeka.

Tsopano zimene zimaboola thumbali. Choyamba ndi munthu amene ng'ombe yake yayamba kuonda, ikukana msipu, ndiye athamangira kukalembetsa. Oterewa akalowa asanu, imfa sizikhalanso zitatu, zikhala zisanu ndi zitatu, K6,400,000, pomwe m'thumba mulibe ngakhale theka lake. Chaka chotsatira msonkho ukwera, a ng'ombe zathanzi atuluka, mutsala odwalitsa okhaokha. N'chifukwa chake ng'ombe imayamba yapimidwa, kuikidwa nambala kukhutu, ndipo mapangano ambiri amaika masiku odikira: ikafa masikuwo asanathe, salipira. Si nkhanza, akuteteza ndalama za inu nomwe.

Chachiwiri ndi kutayirira. Munthu akadziwa kuti alandira mtengo wonse, amatha kusiya kupopera mankhwala a nkhupakupa, katemera n'kumudumpha. Pofuna kuletsa zimenezi, nthawi zambiri salipira zonse. Pa K800,000 akhoza kupereka K640,000, yotsalayo n'kukhala yanu, kuti imfa ya ng'ombe ikupwetekenibe pang'ono. Ndipo ikafa, musafulumire kusenda ndi kugawa nyama. Nenani msanga, alangizi aione, alembe chimene yafera, nambala ya kukhutu isungidwe. Anthu ambiri amakanidwa malipiro chifukwa chosowa umboni umenewu.

Chachitatu ndiye chachikulu, ndipo ndikufuna mumvetsetse. Masamu athu aja akudalira kuti ng'ombe zimafa payokhapayokha, iyi lero, inayo patapita miyezi. Koma kumbukirani namondwe Freddy mu Malichi 2023, mmene madzi anakokololera ziweto m'maboma a kum'mwera. Ng'ombe 100 zikakhala m'dambo limodzi, madzi atha kutenga 40 usiku umodzi. Zimenezo ndi K32,000,000, pa thumba la K3,000,000. Mliri nawo umachita chimodzimodzi. Mankhwala ake ndi kusakaniza: ng'ombe za ku Thyolo, za ku Dedza ndi za ku Mzimba zikhale m'thumba limodzi, chifukwa madzi sasefukira konseko tsiku limodzi. Kampani ya inshuwalansi nayonso imakalipira kampani ina yaikulu, kawirikawiri ya kunja, kuti iithandize chaka cha tsoka lalikulu.

Choncho wina akabwera ndi mapepala, mufunseni ngati kampani yake ili ndi chiphaso cha Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi. Kenako akuwerengereni mokweza ndime ya zimene salipira. Ngati kusefukira kwa madzi, mliri kapena kubedwa zili pamenepo, mudziwiretu musanasaine. Mayi kumbuyoko mwakweza dzanja, funsani.