Nkhuku, tomato kapena mpiru: kamunda ka mamita 10 ku Joni

(Kamera ili pa kamunda kuseri kwa nyumba)

Moni abale anga a ku Joni. Malo mukuwaonawa ndi mamita 10 mulitali, 10 mulifupi. Bwana wakupatsani, kapena mwachita lendi ku mapuloti cha ku Midrand kapena Walkerville. Muikepo chiyani? Tengani cholembera. Mitengo ndiitchuleyi ndi yongoyerekeza, inu mukalembepo yomwe mwaipeza kusitolo sabata ino.

Tomato ndimuchotseretu, chifukwa anandiphunzitsa ndi misozi. Chaka changa choyamba ndinawokera mu Malichi, monga timachitira kudimba kwathu mvula ikamatha. Atayamba kubereka mu Meyi, usiku umodzi chisanu chinagwa, m'mawa masamba onse ali bii ngati wawathira madzi otentha. Joni ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo kuyambira Meyi mpaka Ogasiti chisanu chimapha tomato. Ndiye mumawokera cha mu Seputembala kapena Okutobala, n'kudikira pafupifupi miyezi itatu, kwinaku mukugula mankhwala ndi mitengo yoimikira, kuopanso matalala. Akapsa, mupeza kuti msika wa City Deep wadzaza ndi tomato wa alimi akuluakulu, ndipo amayi ogulitsa m'misewu amakapikula komweko. Mabokosi anu ochepawo sangapikisane nawo.

(Pa sikirini: NKHUKU 100)

Nkhuku za nyama zimakopa chifukwa pa masabata 6 zakwana. Anapiye 100 amakwana m'khola la mamita 2 kwa 5. Nkhuku imodzi imadya pafupifupi makilogalamu 4 kufika pogulitsa, kutanthauza matumba 8 a makilogalamu 50. Tinene kuti thumba ndi R400, ndiye R3,200. Anapiye pa R12 mmodzi, R1,200. Utuchi, katemera ndi magetsi ofunditsira anapiye, tiikepo R600. Mwatulutsa R5,000 musanagwire ngakhale 1 randi. Zisanu zafa, 95 mwagulitsa pa R80, mwapeza R7,600. Phindu R2,600.

Koma chiwerengerochi chikuganiza kuti zonse zapita sabata imodzi. Nkhuku yosagulidwa sisiya kudya. Pa msinkhu umenewu iliyonse imatha chakudya choposa kilogalamu pa sabata, ndiye zikangokhala zonse sabata ina, matumba awiri ndi theka apita, R1,000 yachoka pa phindu lija. Masabata atatu, mwagwirira ntchito wogulitsa chakudya. Kuwonjezera apo pali aja oti "ndikupatsani kumapeto kwa mwezi, achimwene". Ndipo musanamange khola, funsani eni malo ndi khonsolo, chifukwa nkhuku zambiri pamalo okhala anthu zimafuna chilolezo.

(Kamera pa bedi la mpiru)

Tsopano masamba. Mukachotsa tinjira, pamalo pano pakwana mitengo ya mpiru kapena repu pafupifupi 500, motalikirana masentimita 30 mumzere ndi 40 pakati pa mizere. Mbewu, manyowa ndi madzi, tinene R1,000. Kuthyola kumayamba patatha masabata 4 mpaka 6 chiwokerereni, ndipo zimapirira chisanu kuposa tomato. Mukathyola masamba awiri pa mtengo uliwonse pa sabata, ndi masamba 1,000, mipukutu ngati 80. Pa R10 umodzi ndi R800 pa sabata, kwa miyezi ngati iwiri. Nsabwe za m'masamba muziziyang'ana kunsi kwa tsamba. Mukaona masamba akupindika, zafika kale. Kukatentha mpiru umathamangira kuchita maluwa, pamenepo sinthani, dzalani nkhwani ndi bonongwe mvula ikayamba mu Okutobala.

Funso ndi lakuti mipukutu 80 ija agula ndani? Sipinachi aliyense amagulitsa, pa renki ya matekisi iliyonse alipo. Koma nkhwani wanthete, mpiru ndi bonongwe, alimi akuluakulu sazilabadira, pamene a kwathu, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe amazisakasaka mpaka ku msika wa Yeoville. Vuto lake, tsamba lothyola Loweruka limakhala litafota pofika Lolemba. Ndiye musanagule mbewu, werengani anthu ndi mayina: kutchalitchi angati, kumzikiti angati, amayi ophika nsima yogulitsa atenga mipukutu ingati. Akakwana 30 okha, dzalani mabedi okwanira anthu 30 amenewo, ena muwokere patatha masabata atatu.

Ine pano ndinayamba ndi masamba, ndalama yake n'kugulira anapiye 30, chifukwa ndiwo ndinali ndi owagula otsimikizika. Manyowa a m'kholamo ndimawasiya aole miyezi iwiri ndisanawathire pa mabedi. Aawisi amawotcha mizu.