Cholinga cha wofufuza pa Google: chifukwa chake nkhani yophunzitsa sipambana pamene munthu akufuna kugula

Moni nonse amene mukuonera kuno ku Mangochi ndi kwina kulikonse. Vidiyo ya lero ndi ya eni malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear, amene ali ndi webusaiti koma alendo sakuwapeza.

Munthu akalemba mawu pa Google amakhala ndi chimene akufuna kuchita, ndipo chimenecho ndiye cholinga cha wofufuza. M'chaka cha 2002, katswiri wa makompyuta Andrei Broder anagawa zolingazi patatu: kufuna kudziwa chinthu, kufuna kufika pa webusaiti inayake yodziwika kale, ndi kufuna kuchita chinthu monga kugula. Google imayesa kuzindikira cholingacho, kenako imaika pamwamba masamba a mtundu umene ukugwirizana nacho.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi loji ya zipinda zisanu ndi chimodzi ku Cape Maclear. Walemba nkhani yaitali komanso yolondola yofotokoza kuti Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, kuti bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, ndiponso za nsomba zokongola za mbuna. Chiyembekezo chake n'chakuti nkhaniyo idzaonekera pamene mlendo walemba mawu awa:

(Pa sikirini paoneke foni, ndipo mawu alembedwe pang'onopang'ono.)

```
Cape Maclear lodge prices
```

Taonani zimene zabwera. Kawirikawiri mumaona mapu okhala ndi mayina a maloji, masamba osungitsira zipinda monga Booking.com ndi Tripadvisor, komanso masamba a maloji oonetsa zipinda ndi mitengo. Nkhani za mbiri ya malowa sizipezeka pamwamba, ndipo chifukwa chake si chakuti zinalembedwa moipa. Munthu amene walemba mawuwa anasankha kale kupita kunyanja, ndipo chatsala n'kudziwa kuti usiku umodzi ndi ndalama zingati, chakudya cham'mawa chili momwemo kapena ayi, ndiponso ngati pali malo tsiku limene akufuna. Zili ngati munthu amene wafika pamsika wa pa Boma n'kufunsa mtengo wa chambo, koma wogulitsa n'kuyamba kumufotokozera mmene chambo chimaswanirana: zonsezo n'zoona, koma wogulayo apita pa benchi lina.

Apa ndi pamene ambiri amataya nthawi ndi ndalama, ndipo zimandimvetsa chisoni. Amatalikitsa nkhani ija, amabwereza mawu a mitengo m'ndime iliyonse, ena mpaka kulipira anthu kuti aike malinki olozera ku nkhaniyo. Zonsezi sizisintha mtundu wa tsambalo. Nkhani ikupikisana ndi masamba amene munthu angaonepo mtengo n'kusungitsa chipinda pomwepo, ndipo ntchito imeneyo siingathe kuigwira.

Mungazindikire vutoli musanalembe chilichonse. Tsegulani Chrome, sankhani Incognito kuti zimene munafufuza kale zisasokoneze kwambiri zotsatira, lembani mawu amene mukufuna kupambana nawo, ndipo werengani zotsatira khumi zoyambirira. Ngati zambiri mwa izo ndi zamitengo ndi zosungitsira malo, Google yakuuzani mtundu wa tsamba limene likufunika. Ngati tsamba lanu lilipo kale, lowani mu Google Search Console, chida cha Google choonetsa mmene webusaiti yanu ikuonekera pa zotsatira, tsegulani Performance, ndipo yang'anani pa Queries, pamene pali mawu amene anthu analemba, ndi pa Pages, pamene pali masamba anu amene anaonekera. Mukaona kuti mawu a mitengo akutulutsa nkhani yanu yophunzitsa, ili kutali monga pa nambala 40 ndipo palibe akudinapo, dziwani kuti tsamba ndi cholinga sizikugwirizana.

Mayi uja afunika tsamba lapadera la zipinda. Pamwamba pake paoneke mtengo wa usiku umodzi pa mtundu uliwonse wa chipinda, m'makwacha ndiponso m'madola ngati amalandira alendo akunja, zithunzi zenizeni za zipindazo, zimene zikuphatikizidwa pa mtengowo, mayendedwe ochokera ku Monkey Bay, ndi batani la WhatsApp kapena fomu yosungitsira malo. Anene poyera ngati amalandira ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Alembetsenso lojiyo pa Google Business Profile, chifukwa mapu aja amatenga zambiri kumeneko.

Nkhani ya mbuna asaifufute ayi. Ili ndi anthu ake, amene akufufuza zoti akaone ku Cape Maclear ndipo sanasankhebe kogona, choncho aikemo linki yopita ku tsamba la zipinda.

Ngakhale tsamba labwino silitsimikizira malo oyamba, pakuti makampani akuluakulu osungitsira zipinda ndi ovuta kuwapitirira pa mawu amene aliyense amalemba. Loji yaing'ono ili ndi mwayi waukulu pa mapu, pa dzina lake lenileni, ndi pa mawu achindunji monga awa:

```
family room Cape Maclear beachfront
```

Mawu amenewanso mayi uja ayambe wawayesa pa Incognito, aone masamba khumi amene akubwera, kenako akonze tsamba lake.