Makalata a omvera: mpira woima pabalaza la ku Chilomoni

"Zikomo aulutsi. Ndinagula kanema wolowa pa intaneti. Rauta yanga imaonetsa maina awiri, lina lili ndi 5G kumapeto, ndiye ndinasankha lomwelo poganiza kuti ndi lamphamvu. Koma mpira umangoima, kanthu kaja n'kumazungulira pakati pa sikirini, moti chigoli ndimayamba kumvera kwa aneba. Rauta ili kuchipinda kwanga, kanema ali pabalaza. Ndisinthe dzina kapena ndigule chingwe? Ndine bambo wa ku Chilomoni."

Pepani bambo, pepani ndithu. Kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri ndinaseka ndekha muno, chifukwa nane zinandichitikirapo. Aneba akufuula kale, iwe ukadali tcheru kuyang'ana munthu ataima mwendo uli m'mwamba. Lero ndikhalitsa pa inu, ena mundipirire.

Choyamba tichotse chisokonezo cha dzinalo. 5G imene mukuiona kumapeto kwa dzina la waifai si 5G ija ya mafoni yochokera pa nsanja. Apa akungofupikitsa 5 GHz, ndipo dzina linalo, lopanda chilembo, ndi la 2.4 GHz. Rauta yanu imalankhula pa mafunde awiri, monga momwe wailesi zakale zinkakhalira ndi mabandi angapo, koma intaneti imene ikudutsa pa onsewo ndi imodzi yomweyo, ya bandulo yomwe munagula.

Mafunde a 5 GHz amanyamula zambiri nthawi imodzi ndipo sakhala odzaza kwenikweni, koma pa khoma ndi aulesi. Akadutsa khoma limodzi la njerwa zootcha amafika atawefuka, akadutsa awiri amafika ali wefuwefu kapena osafika n'komwe. A 2.4 GHz amanyamula zochepa koma amapita patali ndipo khoma amalipirira bwino. Vuto lawo ndi phokoso. Rauta za aneba zili pomwepo, masipika a buluthufi ali pomwepo, ngakhale maikulowevu yotenthetsera ndiwo imasokoneza pomwepo ikayaka. Ndiye mwaona, bambo: inu munasankha wothamanga, koma mwamutsekera kuchipinda, ndipo kuti afike pabalaza ayenera kuboola khoma la chipinda ndi la kolido.  Kwathu kuno timamanga ndi njerwa, n'kupaka pulasitala mbali zonse.

Koma musathamangire kusitolo. Pali kuyeza kumene mungachite usiku uno osataya tambala. Dikirani nthawi imene mpira umaima ija, tengani foni, lembani speed test posakira zinthu pa intaneti. Imani pafupi ndi rauta, lumikizani foni ku dzina la 5G, yezani, lembani papepala nambala ya Mbps imene yatuluka, ndilo liwiro la intaneti yanu. Kenako pitani pabalaza, gwirizani foni pafupi ndi kumbuyo kwa kanema, yezaninso pa 5G yomweyo. Pomaliza, muli pomwepo, sinthirani ku dzina linalo n'kuyeza kachitatu. Kuyezaku kumadyako bandulo, choncho musachite ngati masewera.

Tiyerekeze kuti pafupi ndi rauta mwapeza 20 Mbps, pabalaza pa 5G mwapeza 2, ndipo pa dzina linalo mwapeza 12. Pamenepo mlandu watha, wolakwa ndi khoma. Chithunzi chooneka bwino cha 1080p chimafuna pafupifupi 5 Mbps yokhazikika, cha 4K chimafuna 15 kapena kuposerapo. Ndi 2 chithunzi choterechi sichingayende, koma ndi 12 mpira uyenda. Lowani pa Settings, kenako Network, sankhani dzina lopanda 5G, lembani pasiwedi. Ndipo musaiwale kumuiwalitsa kanemayo dzina lakale lija, pamene palembedwa Forget kapena mawu ofanana nawo, chifukwa akanema ena amabwererako okha magetsi akazima n'kuyakanso.

Koma mwina mupeza kuti ngakhale mutaima pamphuno pa rauta, madzulo nambala ikungokhala 2 kapena 3, pamene m'mawa imafika 20. Zikatero vuto silili m'nyumba mwanu. Ndi njira yochokera panja imene yadzaza, anthu onse a m'dera lanu aweruka ndipo akukanganirana nsanja imodzi. Apo kusintha dzina sikuthandiza, chingwe sichithandizanso, mungangoononga ndalama. Chimene mungachite n'kusunthira rauta pawindo ngati ndi ya simu khadi, kapena kutsitsa chithunzi kufika pa 720p, chimene chimakhutira ndi 3 Mbps.

Tsopano maganizo anga, poti mwandifunsa. Kanema sayenda. Foni ndiye imapita kukhitchini, kukhonde, mpaka kubafa, nanga si ana amasiku ano. Koma kanema pamene munamukhomera ndi pomwepo zaka zisanu. Chinthu chosayenda chipatseni chingwe, mafunde musiyire zoyenda. Chingwe sichidziwa khoma, sichidziwa maikulowevu ya mayi a kunyumba, sichidziwa rauta ya aneba.

Yang'anani kaye kumbuyo kwa kanema ngati pali kabowo kangodyangodya kolembedwa LAN. Kakakhalapo, yezani mtunda ndi chingwe cha thonje motsata khoma ndi mafelemu a zitseko, osati modutsa pakati pa balaza, muonjezereko mamita awiri. Kusitolo mukanene kuti mukufuna chingwe cha netiweki cha Cat5e kapena Cat6. Chimagwira bwino mpaka mamita 100, choncho mamita 15 a nyumba yanu si kanthu. Akakudulirani n'kumangirira mitu pomwepo, muwauze achiyeze musanachoke. Mkatimo muli timawaya 8, ndipo kena mwa timeneti kakamangidwa molakwika, chingwe chimatha kukana kapena kumadukizadukiza, inu n'kumatukwana kanema wosalakwa. Pofika kunyumba lowetsani mutu wina ku kanema mpaka mumve kuti thwa, winawo kubowo la rauta lolembedwa LAN. Samalani pamenepa: rauta zambiri zili ndi bowo lina lolembedwa WAN kapena Internet, kawirikawiri la mtundu wosiyana, ndipo limenelo si lanu. Mukatero bwererani pa Network, sankhani Wired ngati sanasankhe yekha. Pasiwedi sifunikanso.

Wina wodziwa zinthu adzakuuzani kuti mabowo a akanema ambiri amathera pa 100 Mbps, pamene 5 GHz ikhoza kupitirira apo. N'zoona. Koma mufunseni kuti intaneti ya kunyumba kwake imafika pati. Mpira wanu ukufuna 5, bowo likupereka 100, mukudandaula chiyani?

Mukati simukufuna kukhoma chingwe m'nyumba ya lendi, pali njira ina: tulutsani rautayo kuchipinda, ikhale pabalaza poonana ndi kanema, pamenepo 5G yanu ija ikhala mfumu. Ndipo apa mundilole ndikalipeko pang'ono, si inu nokha bambo, makalata a mtundu uwu andikwana. Mwezi uno ndalandira angapo, onse akuti netiweki njoipa, koma ukafunsa kuti rauta ili pati, wina akuti mu wadilopu kuopa ana, wina akuti kuseri kwa kanema penipeni, wina anaiika pansi pafupi ndi filiji. Mayi ena anachita kuifunditsa kansalu koluka kuti isade ndi fumbi! Abale, nyali mumaivundikira ndi dengu? Ikani chinthucho pamwamba, pamtetete, kutali ndi zitsulo, ndipo musachifunditse chifukwa chimatentha. Ngati nkhawa ndi ana omaliza bandulo, sinthani pasiwedi, osati kutsekera rauta m'chipinda ngati mkaidi. Bambo a ku Chilomoni, sindikunena inu, koma ngati mwamva kuyabwa kandani.

Tione ena mwachangu.

Achemwali a ku Area 25 ku Lilongwe alemba kuti: "Foni ikuona dzina la 5G koma kanema sakuliona." Achemwali, akanema ena, makamaka akale ndi otchipirapo, amamva 2.4 GHz yokha, onani m'kabuku kake. Ngati kakuti amamva zonse, lowani mu rauta muike tchanelo cha 5 GHz pa 36, 40, 44 kapena 48, chifukwa matchanelo apamwamba akanema ena sawaona.

Mnyamata wa ku Luwinga ku Mzuzu akuti: "Kwathu dzina ndi limodzi lokha, ndisankha bwanji?" Mwina rauta yanu ili ndi bandi imodzi, mwina yaphatikiza onse awiri pa dzina limodzi n'kumakusankhirani yokha. Tembenuzani rautayo, achimwene, pansi pake pali kapepala kolembedwa adiresi yonga 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1. Ilembeni pafoni, lowani, zimitsani polembedwa Smart Connect kapena Band Steering, maina atuluka awiri.

Gogo wina wa ku Zomba, kudzera mwa mdzukulu wake, akufunsa kuti: "Magetsi akabwera kanema amati palibe intaneti." Agogo, kanema amadzuka msanga kuposa rauta. Ipatseni rauta mphindi ziwiri kapena zitatu itsukuluze m'maso, ndiye muyatse kanema. Akakanabe, mdzukuluyo aone ngati tsiku ndi nthawi pa kanemayo sizinabwerere m'mbuyo, chifukwa zikasokonekera mapulogalamu ena amakana kutseguka.

Pali inanso ya ku Chipata: "Ndili ndi kamaifai ka m'thumba, chingwe ndilowetsa pati?" Palibe polowetsa, anzathu, ambiri mwa timeneti tilibe bowo la LAN. Kaikeni pafupi ndi kanema basi.

Yomaliza yachokera ku Joni, kwa mwana amene anatumizira makolo ake kanema ku Mangochi: "Chilumikizireni, bandulo ya mwezi ikutha sabata imodzi." Eetu. Kanema akapeza njira yabwino amadzikwezera yekha chithunzi, ndipo pa mapulogalamu ena a mafilimu ola limodzi la chithunzi chapamwamba limatha kudya 3 GB, la 4K mpaka 7. Auzeni alowe mu pulogalamuyo atsitse chithunzi, azimitsenso kaja kongoyambitsa filimu ina inzake ikatha, poti madala amagona kanema akulankhula yekha mpaka tambala woyamba.

Bambo a ku Chilomoni, ndatsala pang'ono kuiwala: mukakoka chingwe chija, dzinja likafika ndipo ziphaliwali zayamba, muzizula pulagi ya kanema ndi ya rauta komanso chingwecho, chifukwa mphenzi imatha kulowera pa chimodzi n'kukaotcha chinzake. Mundilembere nambala zitatu zija sabata yamawa, ndidzaziwerenga pompano.